Sikelo yathu inkayamba pa ziro bwinobwino, koma inkatinamiza

Ndine mlangizi wa zaumoyo pa chipatala china chaching'ono cha kumudzi, ndipo ntchito yomwe ndaigwira kwambiri ndi ya sikelo ya ana. Masiku ena timapimira ana pakhonde la chipatala, masiku ena timakwera njinga n'kukapimira kumidzi yakutali. Tinali ndi masikelo awiri opachika, a nkhope ngati ya wotchi aja, ofika makilo 25, omwe kamzere kalikonse kamaimira magalamu 100. Ina inkakhala pachipatala nthawi zonse, ina inkayenda nafe.

M'mawa uliwonse ndinkachita zomwe tinaphunzitsidwa. Kumangirira sikelo pamtanda kuti nkhope yake ikhale molingana ndi maso anga, kukoleka kabudula wopimira wopanda mwana, kupotokola kabatani ka pamwamba mpaka muvi utaloza pa ziro. Muvi ukangofika pa ziro mtima wanga unkakhala pansi, n'kuitana mayi woyamba pamzere. Sindinkadziwa kuti ziro amangokuuza za pamene sikelo ikuyambira, sakuuza ngati idzanene zoona ikanyamula mwana wa makilo 8.

Chinanditsegula maso ndi mayi wina yemwe ndinam'kalipira popanda mlandu. Mwana wake wamkazi anali wa miyezi 10. Mwezi wapitawo anapimidwa pachipatala ndipo m'buku munalembedwa makilo 8.4. Mwezi uwu mvula inakula, mtsinje unadzaza, ndiye anabwera ku sikelo ya kumudzi, ndipo muvi unaima pa 8.2. Nditalumikiza timadontho tiwirito, mzere unaloza pansi.

"Mayi, mwanayu watsika sikelo. Mukumudyetsa kangati patsiku?"

"Kanayi, adokotala, ndiponso akuyamwa. Phala ndikutsira nsinjiro monga munatiuzira."

"Sanatsegule m'mimba? Thupi silinatenthe?"

"Ayi ndithu, akungosewera."

Ndinamuuza pamaso pa anzake kuti asamabise zinthu, mwana satsika popanda chifukwa. Anangowerama, n'kumubereka mwanayo, n'kupinda buku lake n'kuliika m'chitenje. Mwanayo anali wonyezimira khungu, masaya odzaza, akukoka mpango wa amake. Tepi ya pamkono, yoyezera kunyentchera ija, inali pobiriwira, kusonyeza kuti sanali wonyentchera. Maso anga ankaona mwana wathanzi koma ndinakhulupirira muvi.

Sabata imeneyo ndinayamba kuyang'anitsitsa mabuku a ana ena. Ana omwe ankabwera pachipatala mwezi ndi mwezi mizere yawo inkakwera bwino. A kumidzi okhaokha nawonso chimodzimodzi. Koma ana omwe amayi awo ankasinthasintha, mwezi uno kuno, mwezi wamawa uko, mizere yawo inali ngati mano a sowo: akapimidwa pachipatala akwera kwambiri, akapimidwa kumudzi aima kapena atsika. Ana a mabanja osiyana, midzi yosiyana, sangadwale ndi kuchira motsatira malo omwe apimidwira. Vuto linali m'masikelo. Koma iti mwa awiriwo? Mukakoleka mwana mmodzi pa masikelo awiri n'kupeza 8.6 ndi 8.2, mwangodziwa kuti sakugwirizana. Kuti mudziwe wonama mufunika chinthu chomwe kulemera kwake mukukudziwa kale musanachikoleke.

Miyala yachitsulo yoyesera sikelo tinalibe. Anesi a kuchikuta ndi amene anandikumbutsa za madzi: lita imodzi ya madzi abwino imalemera kilo imodzi. Kunena mwatchutchutchu, madzi osazizira kwambiri ngati a mumtsuko amaperewera pafupifupi magalamu 3 pa lita, ndiye malita 10 amaperewera magalamu 30. Pa sikelo ya timizere ta magalamu 100, kuperewera kumeneko sikuoneka n'komwe. Chovuta si madziwo ayi, koma kuyeza litayo. Chigubu cholembedwa malita 5 mukachidzaza mpaka kukhosi chimapitirira malita 5, chifukwa opanga amasiya mpata pamwamba. Jagi ya pulasitiki ya kukhitchini nayo mizere yake ndi yongoyerekeza. Ndipo musayese ndi mafuta ophikira osatsegula poganiza kuti malita 5 ndi makilo 5: mafuta ndi opepuka kuposa madzi, malita 5 amalemera pafupifupi makilo 4.6.

Tinabwereka kulabu silinda yoyezera ya lita imodzi, yaitali yowonda ija. Poyeza, silinda iime patebulo losapendekeka, inu mugwade kuti diso lilingane ndi mzere, ndipo muwerenge pansi pa kupindika kwa madzi, osati m'mphepete momwe madzi amakwera pang'ono. Izi zimaoneka ngati kuvuta chabe, koma taganizani: mukamapitiriza mamililita 10 pa lita iliyonse, pofika malita 10 mwawonjezera magalamu 100, kamzere kathunthu, ndipo mudzainamizira sikelo yosalakwa.

Loweruka masana, ana kulibe, tinapachika sikelo ya pachipatala pamalo pake pa masiku onse. Tinakoleka ndowa ya pulasitiki yopepuka yopanda kanthu, n'kupotokola kabatani mpaka ziro, kuti kulemera kwa ndowa kusawerengedwe. Ngati ndowa yanu ili yolemera moti kabatani sikakufikitsa muvi pa ziro, musakakamize. Lembani zomwe ndowa yokha ikuwerenga, muzichotsera pa nambala iliyonse. Kenako tinayamba kuthira lita imodzi imodzi, ine ndikuthira, anesi akuwerenga ndi kulemba. Tinkadikira kuti ndowa isiye kugwedera, ndipo palibe ankaigwira.

Pa malita 2 muvi unaima pa 2.1. Tinayang'anana, n'kunena kuti kamzere kamodzi n'kutheka. Pa malita 5 unaima pakati pa 5.2 ndi 5.3. Pa malita 8 unaloza 8.4. Pa malita 10 unali pa 10.5, ndipo pa malita 15 unapitirira 15.7. Titakhuthula madzi onse, muvi unabwerera pa ziro ndendende, ngati sikelo yopanda chilema chilichonse.

Tinatsitsa imeneyo n'kupachika ya kumidzi pamtanda womwewo, ndowa yomweyo, silinda yomweyo. Malita 2 anawerenga 2.0, malita 5 anawerenga 5.0, malita 10 anawerenga 10.0, ndipo pa 15 muvi unatsalira pang'ono, osafika ndi kamzere kamodzi komwe. Kuyesa sikelo yachiwiriyi kunatithandizanso kukhulupirira madzi athu, chifukwa akanakhala kuti madziwo ndi olakwika, masikelo onse awiri akanasokonekera mbali imodzi. Kuti titsimikize tinagula mapaketi asanu a shuga a kilo imodzi, osatsegula, n'kuwaika m'kabudula wopimira. Ya kumidzi inati 5.0, ya pachipatala inabwereza 5.2 wake wopitirira uja. Shuga payekha si mboni yokwanira, paketi ina imapitirira pang'ono ina imaperewera, koma madzi ndi shuga zikanena chimodzi, apo nkhani yamveka.

Ndiye sikelo yomwe tonse tinkaidalira, ya pachipatala, inkawonjezera pafupifupi magalamu 50 pa kilo iliyonse. Mwana wa mayi uja pamene analembedwa 8.4 anali wa makilo 8.0. Mwezi wotsatira anali 8.2. Anakwera ndi magalamu 200, ndipo umo ndi mmene mwana wamkazi wa msinkhu umenewo amakwerera, magalamu 200 kapena 300 pamwezi. Cholakwa cha sikelo, magalamu 400, chinali chachikulu kuposa kukula kwa mwana kwa mwezi wathunthu. Apa m'pamene pagona vuto lonse la kupima ana okulirapo: chomwe tikufuna kuona n'chaching'ono, timizere tiwiri kapena titatu, ndiye sikelo ikangophonya pang'ono, mzere wa m'buku umatembenuka.

Ndifotokoze pang'ono mmene mungawerengere nambala zomwe mwapeza, chifukwa kulakwa kwa sikelo kuli mitundumitundu ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Ngati paliponse yawonjezera chimodzimodzi, mwachitsanzo 2.2, 5.2, 10.2, vuto ndi ziro. Mwina munaika ziro musanakoleke kabudula, kapena kabatani kanasuntha. Konzani ziro, yesaninso, nthawi zambiri zimatha. Ngati cholakwacho chikukula pamene katundu akukula, monga yathu ija, vuto lili mu sipuling'i ya m'kati, ndipo kabatani sikangachize. Ngati katundu mmodzimodzi mukamukoleka katatu akupatsani 5.0, kenako 5.3, kenako 4.9, pali chomwe chikugwira m'kati, dzimbiri kapena fumbi, kapena muvi ukukhula pagalasi. Yachitatuyi ndi yoipa kwambiri chifukwa simungadziwe kuti lero yanama mbali iti. Kuti muigwire, yesani pokwera ndi potsika pomwe: mukafika pa 15 muyambe kuchotsa, muone ngati pa 10 ndi pa 5 ikubwereza zomwe inanena pokwera.

Mnzanga wina wa ntchito ataona nambala zathu anati, "Achimwene, bwanji tingobweza kabatani kuti makilo 10 aziwerenga 10? Ana ambiri ali cha pamenepo." Ganizoli limabwera kwa aliyense, ndipo ndi loopsa. Mukabweza muvi ndi magalamu 500 kuti 10.5 akhale 10.0, mwabweza paliponse ndi magalamu 500 omwewo. Khanda la makilo 4, lomwe linkawerenga 4.2, tsopano liwerenga 3.7. Mwachiza pakati, mwavulaza pansi, ndipo pansipo m'pamene pali ana osalimba. Enanso amati tizingochotsera pamtima, koma tsiku la sikelo pamakhala amayi ambirimbiri, ana akulira, wina akufunsa za katemera. Wochotsera amaiwala, ndipo wobwera mawa sadziwa ngati nambala ya m'buku inachotseredwa kale kapena ayi. Tinaimata pepala lolembedwa kuti YOWONONGEKA, OSAPIMIRA, n'kukaisiya kwa akulu a chipatala kuti aitumize kuboma.

Amisiri a zipangizo ataitsegula anapeza sipuling'i yadyeka ndi dzimbiri. Waya wa sipuling'i ukaonda, umatamuka kwambiri pa katundu yemweyo, n'chifukwa chake inkawonjezera. Sindinadabwe. Sikeloyo inkagona pakhonde, mvula yamphepo inkaiwaza, ndipo kangapo konse ndinaiona ikupima matumba a ufa wa phala ndi chimanga cha anthu. Thumba lopitirira makilo 25 limaikoka sipuling'i kupyola malire ake, muvi sumabwereranso pa ziro, ndipo ife m'mawa timangopotokola kabatani n'kubisa chizindikirocho. Ngati mwaona kuti mwezi ndi mwezi mukupotokola kwambiri kuti mupeze ziro, sikeloyo ikukuuzani kanthu.

Chomwe chinandisowetsa tulo si mayi ndinam'kalipira yekha ayi. Sikelo yowonjezera imabisa ana omwe akunyentchera. Mizere ya m'mabuku a ana athu imachokera pa miyezo ya kakulidwe ka ana yomwe Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse linatulutsa mu 2006. Pa miyezo imeneyo, mwana wamwamuna wa miyezi 12 akakhala pansi pa makilo 7.7 ndiye kuti ndi wopepuka poyerekeza ndi msinkhu wake. Tinatsegula kaundula n'kufufuza ana onse omwe m'miyezi itatu yapitayo analembedwa pamwamba pa mzere umenewo pang'ono chabe, osapitirira theka la kilo. Tinatumiza uthenga kudzera kwa mavolontiya kuti abwere tidzawapimenso.

Mmodzi mwa iwo anali kamnyamata ka miyezi 12 komwe kanali katangolembedwa 7.9, ndipo ine ndemwe ndinauza agogo ake kuti mdzukulu ali bwino. Pa sikelo yabwino kanawerenga 7.5. Titakavula kamalaya, nthiti zinkawerengeka pang'ono, ndipo tepi ya pamkono inaima pa masentimita 12.2, pachikasu, pakati pa 11.5 ndi 12.5. Tinakayeza utali, anesi anakaona, ndipo kanalowa m'ndondomeko ya chakudya chowonjezera. Agogowo anangoti, "Ndimaona ine kuti mwanayu sakulemera kumsana, koma poti sikelo yanena." Nambala zakale m'mabuku sitinafufute. Tinangolemba pambali tsiku lomwe sikelo inasinthidwa, kuti wowerenga mzere adziwe chifukwa chake wadumpha.

Madzi ndi abwino poyesa kamodzi, koma kuthira malita 15 sabata iliyonse palibe angapirire. Tinaganiza zopanga miyala yathuyathu yokhalitsa. Poyamba tinayesa sikelo ya magetsi ya kuchikuta, ya mbale yogonekamo khanda, yomwe imawerenga mpaka magalamu 10. Tinaika beseni pambale, kudina batani lobweza ziro, n'kuthira madzi oyezedwa ndi silinda. Inagwirizana ndi madziwo, kusiyana kwake kunali kwa timagalamu tochepa tomwe tinkayembekezera kale. Pamenepo tinatunga mchenga kumtsinje, kuusefa, kuuyanika padzuwa masiku atatu mpaka unauma gwa. Mchenga wonyowa musayese, umapepuka pamene ukuuma ndipo mwala wanu udzasintha osadziwa. Tinathira mchengawo m'zigubu pa sikelo ya magetsi ija mpaka chigubu, chitsekero ndi mchenga pamodzi zitakwana kulemera komwe tinkafuna. Tinapanga cha makilo 2, cha makilo 3, ziwiri za makilo 5, ndi kabotolo ka theka la kilo. Zitsekero tinamata ndi guluu n'kukulunga tepi, ndipo pachigubu chilichonse tinalemba kulemera kwake ndi tsiku. Ndi zinayi zikuluzikuluzo mutha kupanga 2, 5, 8, 10 ndi 15, ndiye kuti mwayenda msinkhu wonse wa ana omwe timapima kwambiri. Kabotolo kaja kakaphatikizidwa ndi cha makilo 2 kamapanga 2.5, malire omwe khanda lobadwa pansi pake limatengedwa kuti labadwa lopepuka. Sikelo ya kuchikuta iyenera kunena zoona pamenepo kuposa pena paliponse.

Zigubu zimenezi si miyala yovomerezeka ndi boma. Yovomerezeka ndi yachitsulo, yodindidwa, ndipo ntchito yotsimikiza masikelo ndi miyezo m'dziko muno ili m'manja mwa bungwe la Malawi Bureau of Standards. Zigubu zathu ntchito yake ndi kutichenjeza msanga. Amisiri aja atabwera ndi miyala yachitsulo tinapempha kuti tiyerekeze pa sikelo ya magetsi, mwala wawo wa makilo 5 kenako chigubu chathu, ndipo zinasiyana ndi magalamu 20 okha. Mukapeza mwayi wotere musauphonye, ndipo chigubu chikang'aluka kapena tepi ikamatuka, chipimeninso musanachikhulupirire.

Sikelo ya magetsi ili ndi matenda akeake, ndingotchula omwe ndinawaona ndi maso. Tebulo lopendekeka kapena logwedera limasintha nambala. Mabatire akatsala pang'ono kutha, manambala amavinavina. Nsalu yoyala m'mbale ikalendewera n'kukhudza tebulo, imanyamula gawo la kulemera ndipo khanda limaoneka lopepuka. Poyesa, ikani chigubu pakati pa mbale, kenako kumutu, kenako kumiyendo. Nambala ikasintha kwambiri malinga ndi pomwe mwaika, sikeloyo ili ndi vuto ngakhale pakati ikunena zoona, chifukwa khanda siligona pakati ndendende.

Panopa dongosolo lathu ndi ili. Tsiku lililonse la sikelo, tikaika ziro ndi kabudula, timakoleka makilo 5 kenako 10 tisanaitane mayi woyamba. Sizitenga ndi mphindi zitatu zomwe. Kamodzi pamwezi timayenda njira yonse, kukwera ndi kutsika, n'kubwereza katundu mmodzi katatu, masikelo onse tsiku limodzi. Timayesanso sikelo ikagwa pansi, ikanyowa, kapena ikabwera yatsopano, chifukwa yatsopano nayo imatha kufika yolakwika. Pa sikelo yopachika timalola kamzere kamodzi, magalamu 100. Ikapitirira apo, timaonanso ziro n'kubwereza, ikakakamirabe, timaitsitsa. Zonse timalemba m'kope lomwe limakhala m'katoni ya zigubu: tsiku, sikelo iti, katundu, zomwe yawerenga, ndi dzina la woyesa. Masikelowo tinawalemba manambala kumbuyo ndi penti, ndipo m'kaundula timalemba kuti lero tapimira nambala iti. Kopelo ndi lomwe limaonetsa sikelo yomwe ikudwala pang'onopang'ono, 10.0 mwezi uno, 10.1 pakapita miyezi itatu, isanafike poipa.

Chenjezo limodzi kwa amene muyese ndi ndowa: mukamaliza, musaiwale kubwezeretsa ziro ndi kabudula. Ziro wa ndowa akatsalira, ana onse a tsiku lotsatira adzapepuka ndi kulemera kwa ndowayo.

Mayi uja ndinakam'peza kwawo, ndikuchokera ku sikelo ya mudzi woyandikana nawo. Ndinam'peza akusinja pabwalo, mwana ali pamphasa. Ndinapempha buku, n'kumuonetsa kadontho ka 8.4 kaja.

"Mayi, nambala iyi inali yolakwika. Sikelo yathu ya kuchipatala inkawonjezera. Mwana wanu sanatsike, anakwera bwinobwino. Ndinakulankhulani moipa pagulu, pepani."

Anayang'ana bukulo kanthawi, kenako anati, "Zikomo adokotala. Apongozi anga anamva kuti mwana watsika, mpaka lero akuti ndimam'mana chakudya. Mukawauze inuyo, ali kuseriku."

Ndinatsamiritsa njinga pankhokwe, ndinatenga bukulo, n'kupita kuseriko.